Kusandutsa Zolemba za Pamsonkhano Kukhala Maminitsi: Nthawi ya Mneni Isamasinthesinthe

Maminitsi ndi lipoti la zomwe anthu anakambirana ndi mfundo zomwe anamanga pamsonkhano. Amalembedwa kawiri. Poyamba mlembi amalemba mothamanga msonkhano uli m'kati, kutola mawu momwe akutulukira m'kamwa mwa olankhula. Kenako amakhala pansi payekha n'kukonza zolembazo kuti zikhale lipoti loti wapampando asayine ndi kulisunga mufayilo. Zolakwika zambiri zimalowa pa ntchito yachiwiriyi, ndipo chimodzi chomwe chimasokoneza kwambiri owerenga ndi kusinthasintha kwa nthawi ya mneni.

Gwero la vutoli n'losavuta kuliona. Munthu wolankhula pamsonkhano amalankhula ali m'tsiku lomwelo: "galimoto yawonongeka", "ndalama zikuchedwa", "tigula mawa". Koma wowerenga maminitsi amawawerenga patapita mwezi, mwinanso chaka, ndipo nthawi zina amakhala munthu yemwe pamsonkhanopo panalibe, monga bwana watsopano kapena wofufuza mabuku a zachuma. Iyeyu akawerenga kuti "galimoto yawonongeka" amamva kuti ndi yowonongeka mpaka pano. Akawerenga "mawa" sadziwa kuti ndi mawa la tsiku liti. Ntchito ya mlembi ndi kuchotsa mawu onse m'tsiku lomwe analankhulidwa n'kuwaika poti aliyense wowerenga, tsiku lililonse, amve chimodzimodzi.

Tsiku la msonkhano ndilo poyambira

Maminitsi abwino amakhala ndi poyambira pamodzi, ndipo pamenepa ndi tsiku la msonkhano, lomwe limalembedwa pamwamba pa tsamba loyamba. Mlembi amalemba ngati munthu amene akuyang'ana m'mbuyo ku tsikulo. Mneni aliyense m'lipotimo amayenera kugwera m'gulu limodzi mwa magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la zomwe zinachitika pamsonkhano pomwepo. Izi zimalembedwa m'nthawi yakale: wapampando anatsegula msonkhano, msungichuma anafotokoza, mamembala anagwirizana. Aneni amenewa ndiwo amanyamula lipoti lonse, ndipo sasintha kuyambira pa pemphero lotsegulira mpaka pa lotsekera.

Gulu lachiwiri ndi la zomwe zinachitika msonkhano usanachitike. Apa Chichewa chili ndi njira yomveka bwino: "anali atalipira", "zinali zitafika", ndipo pokana, "anali asanalipire", "zinali zisanafike". Mawuwa amauza wowerenga momwe zinthu zinalili pofika tsiku la msonkhano, osanena kanthu za zomwe zinachitika pambuyo pake.

Gulu lachitatu ndi la zomwe zinayenera kuchitika msonkhano utatha. Zimenezi zimabwera pambuyo pa mneni wa nthawi yakale ndi mawu oti "kuti": "anagwirizana kuti agule", "analonjeza kuti adzabweretsa". Nthawi zonse zimafunika kukhala ndi deti.

Gulu lachinayi ndi la zinthu zokhazikika, zomwe zinali zoona msonkhano usanachitike ndipo zidzakhalabe choncho: "malamulo a bungwe amafuna kuti cheke chisayinidwe ndi anthu awiri". Zimenezi zimatsala m'nthawi yatsopano, chifukwa kulemba kuti "malamulo ankafuna" kungamveke ngati lamulolo linathetsedwa.

Choncho kusasinthasintha kwa nthawi sikutanthauza kuti aneni onse afanane. Kukutanthauza kuti aneni onse ayezedwe kuchokera pa tsiku limodzi, ndipo mneni asinthe pokhapokha ngati nthawi ya chinthucho yasinthadi.

Kusankha pakati pa -na- ndi -da-

Nthawi yakale m'Chichewa imalembedwa m'njira ziwiri: "anafotokoza" ndi "adafotokoza". Njira ya -da- imamveka kwambiri m'chigawo chapakati cha Malawi ndipo inkalimbikitsidwa m'masukulu ndi pawayilesi nthawi ya ulamuliro wa Kamuzu Banda, pomwe ya -na- ndi yofala m'chigawo chakumwera ndi m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku ka anthu ambiri. M'maminitsi zonse ziwiri ndi zololedwa. Chosayenera ndi kuzisakaniza m'lipoti limodzi. Ndime yonena kuti "wapampando adatsegula msonkhano ndipo msungichuma anapereka lipoti" imapangitsa owerenga ena kuganiza kuti chimodzi chinachitika kale kwambiri kuposa chinzake, chifukwa -na- imagwiranso ntchito pa zomwe zachitika lero lomwe. Mlembi asankhe njira imodzi asanayambe kulemba, ndipo ngati fayilo ya ofesiyo ili kale ndi maminitsi olembedwa ndi -da-, apitirize ndi yomweyo. Zitsanzo za m'nkhani ino zikugwiritsa ntchito -na-.

Aneni omwe amanena ziwiri akalembedwa

M'Chichewa, kukweza ndi kutsitsa liwu kumasiyanitsa nthawi za aneni, koma kalembedwe ka masiku onse sikaonetsa kusiyanaku. Mneni yemwe anali womveka bwino m'kamwa mwa wolankhula amatha kukhala ndi matanthauzo awiri akangofika papepala. Aneni atatu otere amapezeka pafupifupi m'zolemba za msonkhano uliwonse.

Woyamba ndi wa mtundu wa "alipira". Mlembi akalemba kuti "akawuntanti alipira ngongole", chiganizocho chingatanthauze kuti ngongoleyo yalipidwa kale, kapena kuti ilipidwa posachedwa. Polankhula, liwu limakwera pa phatikizo loyamba ngati zili zam'tsogolo, ndipo omvera sasokonezeka. Papepala zonse ndi "alipira". N'chimodzimodzi ndi "matumba afika" kapena "mamembala avomera".

Wachiwiri ndi wa mtundu wa "amapita". "Dalaivala amapita kumsika Lachisanu" angakhale mawu onena za chizolowezi chomwe chilipo mpaka pano, kapena onena za zomwe zimachitika m'mbuyomo koma zinasiyika. Ngati ndi zakale, mlembi alembe "ankapita", chifukwa -nka- salozera nthawi ina iliyonse koma yakale.

Wachitatu ndi wokana, wa mtundu wa "sanalandire". "Mlonda sanalandire malipiro" angatanthauze kuti sanalandire ndipo nkhani inathera pomwepo, kapena kuti akudikirabe. Ngati akudikira, m'maminitsi mulembedwe kuti "pofika tsiku la msonkhano anali asanalandire".

Chifukwa cha aneni amenewa, zolemba za pamsonkhano zimafunika kukonzedwa tsiku lomwelo kapena lotsatira, mawu a olankhula akadali m'makutu a mlembi. Pakapita sabata ziwiri, ngakhale mwini wake wa zolembazo sangakumbuke ngati "alipira" uja anali wa zochitika kale kapena wa zam'tsogolo.

Chitsanzo cha msonkhano wa ogwira ntchito

Tiyerekeze kopaletivi ya alimi yomwe imagula mtedza ndi soya, ndipo ogwira ntchito ake akumana Lachiwiri pa 10 Juni, nyengo yogula mbewu ili pachimake. Msonkhano wam'mbuyo unachitika pa 13 Meyi. Pa mutu wa kagulidwe ka mbewu, mlembi walemba izi m'kope mwake:

Wosunga katundu: matumba opanda kanthu atsala 120. Sakwanira sabata ino.
Sikelo yaing'ono ikunama, alimi akudandaula. Yayamba dzulo.
Akawuntanti alipira watransipoti K450,000.
Mlonda sanalandire za Meyi.
Manijala: mwina tibwereke sikelo kusitolo ya pafupi.
Tigula matumba 500 mawa. Wosunga katundu.
Lamulo: sitigula mtedza wosauma.

Zolemba zoterezi zilibe cholakwika monga zolemba za pamsonkhano. Vuto limabwera mlembi akangozilumikiza n'kusintha mneni apa ndi apo:

"Wosunga katundu adanena kuti matumba atsala 120. Sakwanira sabata ino. Sikelo yaing'ono ikunama ndipo alimi anadandaula. Yayamba dzulo. Akawuntanti alipira watransipoti K450,000. Mlonda sanalandire malipiro a Meyi. Tibwereka sikelo ndipo matumba 500 agulidwa mawa."

Wowerenga ndimeyi pamsonkhano wa pa 8 Julayi angafunse mafunso ambiri. Kodi alimi anabwera kudzadandaula pamsonkhanopo? Kodi watransipoti analandira ndalama zake? Kodi kubwereka sikelo kunagwirizanidwa, kapena anali maganizo a munthu mmodzi? Nanga "sabata ino" ndi iti? Kuti mafunsowa asakhalepo, mlembi amatenga mzere umodzi umodzi.

Mzere wa matumba ndi lipoti la momwe zinthu zinalili pofika tsikulo, choncho umalowa m'gulu lachiwiri. Mawu oti "sabata ino" amasanduka tsiku lenileni, lomwe ndi Loweruka pa 14 Juni ngati kopaletiviyo imagula mbewu mpaka Loweruka. Mzere wa sikelo ukunena za chinthu chomwe chinali kuchitika nthawi imeneyo, ndipo "dzulo" ndi Lolemba pa 9 Juni. Alimi sanali pamsonkhanopo, choncho kudandaula kwawo kuyenera kuoneka kuti kunanenedwa ndi wosunga katundu.

Mzere wa akawuntanti ndiwo woopsa kwambiri, chifukwa ukukhudza ndalama. Mlembi akakumbukira bwino kuti akawuntanti anati ndalamazo zinatumizidwa kale, alembe "anali atalipira". Akakayika, asaganizire. Apite kwa akawuntantiyo kukafunsa zomwe ananena pamsonkhanopo, ndi tsiku lomwe malipirowo anachitika kapena adzachitike. Mu chitsanzo chino tinene kuti ndalamazo zinali zisanatuluke, ndipo akawuntanti analonjeza kulipira Lachisanu.

Maminitsi okonzedwa bwino amaoneka motere:

"Wosunga katundu anafotokoza kuti pofika pa 10 Juni matumba opanda kanthu anali atatsala 120, ndipo anachenjeza kuti sadzafika Loweruka pa 14 Juni. Anafotokozanso kuti sikelo yaing'ono inali ikunama kuyambira Lolemba pa 9 Juni, ndipo kuti alimi anali akudandaula nazo.

"Akawuntanti anauza msonkhano kuti watransipoti anali asanalipidwe K450,000 yake, ndipo analonjeza kuti adzamulipira Lachisanu pa 13 Juni. Anavomerezanso kuti mlonda anali asanalandire malipiro a mwezi wa Meyi.

"Manijala anapereka maganizo oti kopaletivi ibwereke sikelo kusitolo ya pafupi, koma msonkhano sunamange mfundo pa nkhaniyi. Anakumbutsanso ogwira ntchito kuti malamulo a kopaletivi salola kugula mtedza wosauma.

"Msonkhano unagwirizana kuti wosunga katundu agule matumba 500 Lachitatu pa 11 Juni."

M'ndime zinayizi, mneni wamkulu wa chiganizo chilichonse ali m'nthawi yakale ya -na-. Zomwe zinachitika msonkhano usanakhale zili ndi "anali ata-" kapena "anali asana-". Zam'tsogolo zili ndi deti ndi munthu wozichita. Lamulo la mtedza wosauma lokha ndilo latsala m'nthawi yatsopano, chifukwa likugwirabe ntchito.

Mawu a wolankhula akhale pansi pa mwini wake

M'maofesi ambiri a boma ndi m'makampani ku Malawi maminitsi amalembedwa m'Chingerezi, ngakhale zokambiranazo zitachitika m'Chichewa. M'Chingerezi cha m'malipoti, mneni wofotokoza akakhala m'nthawi yakale amakokera m'mbuyo aneni omutsatira. Chichewa sichikakamiza zimenezi. Ndi Chichewa chabwino kulemba kuti "wosunga katundu anati matumba atsala 120", chifukwa mawu oti "anati" amauza wowerenga kuti zotsatirazo ziyezedwe pa nthawi yomwe munthuyo ankalankhula.

Koma mphamvu ya "anati" imathera pa mpumiro wa chiganizo chomwecho. Chiganizo chotsatira chikayamba chokha, monga "Sikelo ikunama", sichikhalanso mawu a wosunga katundu. Chimamveka ngati mlembi akuchitira umboni za lero. Apa ndi pomwe maminitsi ambiri a m'Chichewa amaterereka: chiganizo choyamba cha ndime chimakhala cholondola, chachiwiri ndi chachitatu n'kubwerera ku kalankhulidwe ka pamsonkhano. Njira zopewera zilipo ziwiri. Mlembi angabwereze mneni wofotokoza, monga "anawonjezera kuti", "anafotokozanso kuti", kapena angaike chinthucho m'nthawi yakale, monga "sikelo inali ikunama". Pa nkhani za ndalama, katundu ndi malipiro, njira yachiwiriyi ndiyo yodalirika, chifukwa chiganizo chimamvekabe bwino ngakhale wina atachikopera payekha m'kalata kapena m'lipoti lina.

Mawu oloza munthu ndi malo amasintha pamodzi ndi aneni. "Tigula" amakhala "msonkhano unagwirizana kuti agule", "ine" amakhala udindo wa munthuyo, "kuno" amakhala dzina la malowo. Mawu oloza nthawi, monga lero, dzulo, dzana, mawa, mkuja, sabata yamawa ndi mwezi uno, onse amasanduka madeti. Mawu ngati "posachedwa" alibe deti loti n'kusandukako, ndipo mlembi waluso amapempha wapampando pamsonkhano pomwepo kuti tsiku litchulidwe.

Mfundo, lonjezo ndi maganizo

Pa zam'tsogolo, mathero a mneni amasiyanitsa zinthu zitatu zomwe zili ndi kulemera kosiyana. "Msonkhano unagwirizana kuti akawuntanti alipire" ndi mfundo yomangidwa, ndipo akawuntanti akapanda kulipira ndiye kuti waphwanya zomwe msonkhano unalamula. "Akawuntanti analonjeza kuti adzalipira" ndi lonjezo la munthu mmodzi. "Akawuntanti anati angalipire ndalama zikapezeka" ndi chinthu chotheka chabe. M'zolemba zothamanga zonse zitatuzi zimaoneka ngati "alipira" kapena "tilipira", ndipo mlembi wosasamala amasandutsa maganizo kukhala mfundo. Mu chitsanzo cha kopaletivi chija, mawu oti "mwina tibwereke sikelo" anasanduka "tibwereka sikelo" m'ndime yolakwika ija. Manijala akanafunsidwa pamsonkhano wotsatira chifukwa chomwe sanachitire chinthu chomwe palibe anamutuma.

N'chifukwa chake n'kwabwino kulemba mfundo iliyonse m'chiganizo chakechake, chomangidwa mofanana nthawi zonse: msonkhano unagwirizana kuti wakuti achite chakuti pofika tsiku lakuti. Wowerenga wofuna mfundo zokha amazipeza msanga.

Zotuluka m'maminitsi am'mbuyo

Gawo la zotuluka m'maminitsi a msonkhano wam'mbuyo limavuta chifukwa limanena za misonkhano iwiri, ndipo yonse ili m'nthawi yakale. Chiganizo choti "anagwirizana kuti denga la nyumba yosungiramo mbewu likonzedwe" sichionetsa ngati mfundoyo inamangidwa pa 13 Meyi kapena pa 10 Juni. Zam'msonkhano wam'mbuyo zimafunika deti lake, ndipo zotsatira zake zimayezedwa pa tsiku la msonkhano watsopano: "Pa 13 Meyi msonkhano unagwirizana kuti denga likonzedwe. Manijala anafotokoza kuti pofika pa 10 Juni malata anali atagulidwa, koma mmisiri anali asanayambe ntchito." Chiganizo choterechi chimaonetsa zomwe zinatheka ndi zomwe zinatsala, ndipo nkhaniyo imapitirira mosavuta ku msonkhano wotsatira.

Zomwe zinachitika msonkhano utatha zisalowe

Mlembi amene akukonza maminitsi Lachinayi amakhala akudziwa kale kuti matumba 500 aja anagulidwa Lachitatu, ndipo amakopeka kulemba kuti "matumba 500 anagulidwa". Chiganizochi chili m'nthawi yakale monga zinzake, koma ndi cholakwika, chifukwa pa 10 Juni matumbawo anali asanagulidwe. Maminitsi amathera pomwe msonkhano unathera. Kugulidwa kwa matumbawo kudzalembedwa m'maminitsi a pa 8 Julayi, pa gawo la zotuluka m'maminitsi am'mbuyo, wosunga katundu akadzapereka lipoti lake.

Kuunika maminitsi asanaperekedwe

Akamaliza kulemba, mlembi amadula mzere kunsi kwa mneni aliyense n'kufunsa ngati chinthucho chinachitika pamsonkhano, msonkhano usanachitike, kapena chinali chodzachitika pambuyo pake. Mneni yemwe sakuyankha funsoli mosakayikitsa amalembedwanso. Mneni wa nthawi yatsopano amaloledwa kutsala pokhapokha ngati akunena za lamulo kapena chinthu chokhazikika, kapena ngati ali m'chiganizo chimodzi ndi "anati". Kenako mlembi amasakasaka mawu monga dzulo, mawa ndi sabata ino, komanso ife ndi ine, ndipo pomaliza amaona ngati -na- ndi -da- sizinasakanikirane.

Kuwerenga mokweza kumathandiza kumva chiganizo chomwe chatuluka m'nthawi yake, koma kuli ndi malire. Mlembi akamawerenga "alipira", liwu lake limakwera pamalo oyenera chifukwa akudziwa zomwe zinanenedwa, ndipo saona kuti papepala pali matanthauzo awiri. Njira yabwino ndi kupatsa mnzake wa pantchito yemwe pamsonkhanopo panalibe kuti awerenge ndime imodzi, n'kumufunsa kuti ndi ziti zinachitika kale ndipo ndi ziti zikudikira. Akayankha mosiyana ndi zomwe mlembi akudziwa, ndiye kuti mneni wina akufunika kukonzedwa.

Zonsezi zimachitika maminitsi asanapite kwa wapampando. Pamsonkhano wotsatira amawerengedwa, mamembala amakonza zomwe akuona kuti sizinalembedwe bwino, ndipo akavomerezedwa amasayinidwa. Kuyambira pamenepo sasinthidwanso, ndipo pakabuka mkangano wa malipiro kapena wa ntchito yomwe sinagwiridwe, zomwe zinalembedwazo ndizo zimatengedwa kukhala umboni wa zomwe msonkhano unanena.